Kiyi amene sadulitsidwa pamsika: kuteteza tsamba la malonda kwa akuba a pa intaneti

Wamalonda aliyense amene ali ndi okala kapena shopu amadziwa chochita kiyi wa loko akatayika. Amatenga wapadera amene anasiya kunyumba, n'kupita naye kwa odula makiyi, ndipo pasanathe ola amakhala ali ndi makiyi awiri ngati kale. Masiku ano amalonda ambiri ali ndi shopu yachiwiri imene ilibe chitseko cha malata. Shopuyo ndi tsamba la Facebook limene amaikapo zithunzi za katundu, komanso imelo imene amalandirirapo ma invoisi ochokera kwa owagulitsa katundu ku Dar es Salaam, ku Joni kapena ku China. Shopu imeneyinso ili ndi kiyi wake wogwirika ndi manja, wotchedwa kiyi wa chitetezo. Amateteza kwambiri kuposa nambala zobwera pa meseji, koma ali ndi khalidwe limodzi lofunika kulidziwa munthu asanagule: sadulitsidwa. Amene wagula mmodzi yekha n'kumutaya akhoza kudzitsekera kunja kwa shopu yake yomwe.

Mmene tsamba limabedwera

Chitsanzo chabwino ndi cha mayi wogulitsa nsapato ndi zikwama mumsika wa Limbe. Ali ndi tsamba la Facebook limene walilera kwa zaka zinayi. Makasitomala amasankha katundu pa zithunzi, amatumiza theka la ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo iye amawatumizira katunduyo pa basi. Tsiku lina m'mawa akuyala katundu, akulandira uthenga wooneka ngati wachokera kwa eni Facebook, wonena kuti tsamba lake laphwanya malamulo ndipo litsekedwa pakatha maola 24 akapanda kutsimikiza kuti ndi lake. Pansi pa uthengawo pali linki.

Mayiyo akudina linkiyo, ndipo pakutseguka tsamba la buluu lofanana ndendende ndi lenileni. Akulemba imelo ndi pasiwedi yake. Nthawi yomweyo wakuba, amene ali kuseri kwa tsamba labodzalo, akutenga zimenezi n'kuzilemba pa Facebook yeniyeni. Facebook yeniyeniyo ikutumiza nambala ya manambala 6 pa foni ya mayiyo monga mwa nthawi zonse. Tsamba labodza likufunsa nambalayo, mayiyo akuilemba, ndipo wakuba akuipititsa ku tsamba lenileni isanathe mphamvu. Pofika masana pasiwedi yasinthidwa, mayiyo wachotsedwa pa tsamba lake, ndipo pamwamba pa tsambalo pali chilengezo cha nsapato zotsika mtengo chokhala ndi nambala ya foni yachilendo. Makasitomala khumi okha atatumiza K20,000 aliyense, ndiye kuti K200,000 yapita, ndipo onsewo adzabwera pa benchi ya mayiyo kudzafuna katundu kapena ndalama zawo.

Chofunika kuona pa nkhaniyi n'chakuti mayiyo anali atatseka zitseko zonse ziwiri. Pasiwedi anali nayo, nambala ya pa meseji analinso nayo. Vuto ndi lakuti zonse ziwirizi ndi zinthu zimene munthu amawerenga n'kulemba, ndipo chilichonse chimene munthu angalembe akhoza kuchilemba pamalo olakwika. Palinso njira ina imene akuba amagwiritsa ntchito, yotenga simukhadi yatsopano ya nambala ya munthu mwachinyengo. Zikatero foni ya mwini wake imangotaya netiweki, ndipo mameseji onse a nambala zachinsinsi amayamba kupita kwa wakubayo.

Chimene kiyi amachita

Kiyi wa chitetezo ndi kachipangizo kakang'ono kooneka ngati fulashi, kokhala ndi kabowo kokolowekera pa makiyi a kunyumba. Odziwika kwambiri ndi YubiKey a kampani ya Yubico, Titan a Google, ndi a kampani ya Feitian. Onsewa amatsata malamulo amodzi otchedwa FIDO, n'chifukwa chake kiyi wa kampani iliyonse mwa izi amagwira pa Google, Facebook, Microsoft ndi masamba ena ambiri. Kiyi wolowetsa pa USB kapena wogunditsa pa foni alibe batire, safuna kutchaja, safuna bandulo ndiponso safuna netiweki yakeyake. Mphamvu amatenga ku foni kapena kompyuta imene walumikizidwako.

Munthu akamalembetsa kiyi pa akaunti, kiyiyo amapanga manambala awiri aatali ogwirizana. Imodzi amaipereka kwa tsambalo, ndipo ntchito yake ili ngati ya chitsanzo cha siginecha chimene banki imasunga. Inayo ndi yachinsinsi ndipo kiyi saiulula kwa wina aliyense, ngakhale mwini wake. Tsiku lolowa mu akaunti, tsambalo limatumiza funso latsopano, mwini kiyi amakhudza kachitsulo ka pa kiyiyo ndi chala, kiyi amasaina funsolo ndi nambala yachinsinsi ija, ndipo tsambalo limayerekeza siginechayo ndi chitsanzo chimene linasunga. Palibe nambala imene imaoneka pa sikirini, choncho palibe chimene munthu angauze wina pa foni kapena kulemba pa tsamba labodza.

Mphamvu yeniyeni ya kiyi ili pa dzina la tsamba. Nambala yachinsinsi iliyonse imamangiriridwa ku dzina la tsamba limene inapangidwira, monga `facebook.com` kapena `google.com`. Pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome, ndi imene imauza kiyi dzina lenileni la tsamba limene likufunsa, ndipo wakuba sangasinthe zimenezi. Diso la munthu wotanganidwa ndi makasitomala likhoza kulephera kusiyanitsa `facebook` ndi `faceb00k` yolembedwa ndi maziro awiri, koma kiyi sayang'ana mtundu wa tsamba kapena chizindikiro chake. Akaona dzina limene sanalembetsedwepo, sasaina. Mayi wa ku Limbe uja akanakhala ndi kiyi, wakuba akanapeza pasiwedi yokha n'kuima pakhomo lachiwiri. Kampani ya Google inanena mu 2018 kuti kuyambira pamene inalamula antchito ake oposa 85,000 kugwiritsa ntchito makiyiwa kumayambiriro a 2017, panalibe ngakhale mmodzi amene anaberedwa akaunti ya kuntchito kudzera m'masamba abodza.

Kiyi safunika tsiku lililonse. Amafunsidwa munthu akamalowa mu akaunti pa foni kapena kompyuta yatsopano, akalowanso atatuluka, kapena nthawi zina akamasintha zinthu zikuluzikulu za chitetezo. Pa foni ya masiku onse malonda amayenda monga kale.

Zimene kiyi sateteza

Apa m'pamene ambiri angawonongere ndalama poyembekezera zimene kiyi sachita. Airtel Money ya pa `*211#` ndi Mpamba ya pa `*444#` zimayendera simukhadi ndi pini, ndipo kiyi alibe malo pamenepo. Amene waulula pini yake kwa munthu woimba foni wonamizira kuti ndi wa ku kampani, kapena wabweza ndalama chifukwa cha meseji yabodza yoti zatumizidwa molakwika, kiyi sangamuthandize. WhatsApp nayonso imadalira nambala ya foni, ndipo chitetezo chake chachiwiri ndi pini ya manambala 6 imene imaikidwa pa `Two-step verification`. Wamalonda amene ntchito yake yonse ili pa WhatsApp ndi ndalama za pa foni ayambe waika pini imeneyo, imene ndi yaulere, asanaganize za kiyi.

Kiyi satetezanso foni imene yabedwa ili yosakhoma, chifukwa maakaunti amakhala otsegula kale m'menemo. Chimodzimodzi kompyuta imene ili ndi pulogalamu yaukazitape: mwini wake akalowa ndi kiyi wake bwinobwino, pulogalamuyo ikhoza kuba chiphaso chimene tsamba limasiya mu kompyutamo chosonyeza kuti munthuyu walowa kale. N'chifukwa chake kulowa mu akaunti ya malonda pa kompyuta ya mu kafe, kapena pa laputopu yodzaza ndi mapulogalamu otengedwa mwachisawawa, kumakhalabe koopsa ngakhale kiyi alipo.

Chachitatu ndi zitseko zakumbuyo. Tsamba la malonda la Facebook lilibe pasiwedi yakeyake, limayendetsedwa kudzera m'maakaunti a anthu amene anapatsidwa ulamuliro pa tsambalo. Ngati mayi uja anapatsa mphwake ulamuliro wonse kuti azimuikira zithunzi, ndipo mphwakeyo alibe kiyi, wakuba adzadzera kwa mphwakeyo. Njira yake ndi kuchepetsa ulamuliro wa wothandizayo kapena kulembetsa kiyi pa akaunti yakenso.

Posankha kiyi

Choyamba kuyang'ana si kiyi koma foni. Mafoni atsopano ambiri ali ndi polowetsa chaja pa mtundu wa USB-C, pomwe chingwe chimalowa mbali iliyonse. Mafoni akale ndi ena otsika mtengo ali ndi micro-USB, pomwe chingwe chimalowa mbali imodzi yokha, ndipo amenewa amafuna kachingwe kolumikizira kotchedwa OTG kuti kiyi alowe. Pa mafoni ena OTG imayenera kuyatsidwa kaye mu `Settings`. Makompyuta akale ali ndi USB-A, pomwe pamalowa fulashi wamba. Makiyi olembedwa NFC amagwiranso pongowagunditsa kumsana kwa foni, koma si foni iliyonse imene ili ndi NFC. Wamalonda afufuze mu `Settings` ngati mawuwa alimo asanalipire.

Pa mtengo, makiyi wamba a FIDO amagulitsidwa kunja pa madola a ku America apakati pa 25 ndi 35, pomwe okhala ndi ntchito zambiri, monga YubiKey 5, amafika madola 50 kapena kuposa. Pa imelo ndi Facebook, wamba ndi wokwanira. Popeza ofunika ndi awiri, bajeti yoona ndi madola 50 mpaka 70, osawerengera zotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu ngati aitanitsidwa kunja. Makiyi awiriwo sakakamizidwa kukhala a mtundu umodzi. Wina akhoza kukhala wa USB-C wa pa foni, wina wa USB-A wa pa kompyuta, bola wapaderayo azitha kulowa pa chipangizo chimene mwini wake angachipeze tsiku la mavuto.

Kiyi agulidwe ali m'paketi yosatsegula. Amene wagula wa Yubico akhoza kumuyesa pa `yubico.com/genuine` kuti aone ngati ndi weniweni. Kiyi mmodzi amalembetsedwa pa maakaunti angapo, choncho palibe chifukwa chogulira kiyi wa Gmail payekha ndi wa Facebook payekha.

Kulembetsa makiyi awiri tsiku limodzi

Popeza chinsinsi cha kiyi sichiululidwa, palibe njira yokopera zimene zili mwa woyamba kupita mwa wachiwiri. Kiyi wapadera amene wangogulidwa n'kuikidwa m'sutikesi osalembetsedwa ndi chitsulo chabe. Akaunti iliyonse iyenera kuonetsedwa makiyi onse awiri, mmodzimmodzi, ndipo nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene onse ali patebulo limodzi. Kampani ya Apple inafika poika lamulo loti munthu sangayambe kugwiritsa ntchito makiyi pa akaunti yake popanda kulembetsa awiri. Google ndi Facebook amalola mmodzi, ndipo mpata umenewu ndi umene umapweteketsa anthu.

Mayi wa ku Limbe uja ayambe ndi imelo, chifukwa ndi kumene kumapita mauthenga osinthira mapasiwedi a maakaunti ena onse. Ntchitoyi imayenda bwino pa kompyuta yodalirika kapena mu Chrome ya pa foni, osati pa tsamba lotseguka m'kati mwa pulogalamu ina. Alembe yekha adiresi `myaccount.google.com`, osadzera pa linki. Kenako asankhe `Security`, n'kupita pa `2-Step Verification`, n'kupeza `Passkeys and security keys`. Mawuwa amasintha pang'ono nthawi ndi nthawi, koma mawu oti `security key` amakhalapo. Akasankha kuwonjezera kiyi, alowetse woyamba, adikire kuti kanyali kake kayambe kuthwanima, n'kukhudza kachitsulo. Akamaliza achotse woyambayo, abwereze njira yomweyo ndi wachiwiri. Pamene tsamba likulola kupereka dzina, makiyiwo apatsidwe mayina osasokoneza, monga "wa m'chikwama" ndi "wa kunyumba", ndipo mmodzi amangidwe kaulusi kofiira kuti azidziwika. Tsiku lofufuta kiyi wotayika, dzinali ndi limene lidzateteze mayiyo kufufuta kiyi wolakwika.

Polembetsa, kompyuta kapena foni ikhoza kupempha kuti kiyi apatsidwe pini. Pini imeneyi ndi ya kiyiyo, si ya Google kapena ya Facebook, ndipo isafanane ndi ya Mpamba kapena ya Airtel Money. Ili ndi malire okhwima. Munthu akailakwitsa katatu motsatizana, kiyi amafuna kuchotsedwa n'kulowetsedwanso. Akailakwitsa kokwana 8 motsatizana, kiyi amadzikhoma, ndipo njira yokhayo yomutsegulira ndi kumufufuta yense, zimene zimachotsa kulembetsa konse kumene kunali m'menemo. Choncho piniyo ilembedwe papepala n'kusungidwa kunyumba, osati m'chikwama chimodzi ndi kiyi.

Pa Facebook njira yake ndi `Settings`, kenako `Accounts Center`, `Password and security`, ndi `Two-factor authentication`, pomwe pali posankha kiyi. Apanso alembetsedwe onse awiri.

Asanadzuke patebulopo, mayiyo atenge nambala zosungira tsiku la mavuto. Google imazitcha `Backup codes` ndipo imapereka khumi, iliyonse ya manambala 8 ndi yogwira kamodzi kokha. Facebook imazitcha `Recovery codes`. Nambalazi zilembedwe ndi cholembera papepala. Kuzijambula ndi foni n'kuzisiya m'zithunzi, kapena kudzitumizira pa WhatsApp, kuli ngati kusiya kiyi wapadera ali pa loko.

Kenako kubwere kuyesa. Atsegule Chrome pa `Incognito`, alowe mu akaunti ndi kiyi woyamba, atuluke, alowenso ndi wachiwiri. Google nthawi zina imadikiritsa kiyi watsopano masiku angapo isanayambe kumukhulupirira, ndiye ngati wakanidwa tsiku loyamba, ayesedwenso sabata ikatha. Pokhapokha makiyi onse atagwira m'pamene mayiyo achotse meseji pa mndandanda wa njira zachiwiri zolowera. Akaisiya, wakuba amangodina `Try another way` n'kusankha meseji, ndipo ndalama zogulira makiyi zimakhala zapita pachabe.

Chomaliza ndi kagawidwe ka malo. Kiyi woyamba aziyenda ndi mwini wake. Wachiwiri, pepala la nambala ndi kope lolembamo maakaunti onse amene makiyiwo alembetsedwapo zikhale kunyumba pamodzi ndi zikalata zofunika. Pamsika si malo ake, chifukwa moto kapena akuba a usiku akhoza kutenga katundu ndi kiyi yemwe. Nthawi iliyonse pamene akaunti yatsopano yapatsidwa kiyi, wapaderayo atulutsidwe, alembetsedwenso, ndipo dzina la akauntiyo lilowe m'kope. Ndi bwinonso kumuyesa wapaderayo kamodzi pa miyezi itatu kapena inayi, kuti ngati ali ndi vuto lidziwike woyamba akadali moyo.

Kiyi akasiya kugwira

Makiyiwa ndi olimba chifukwa alibe batire kapena tizitsulo toyenda, ndipo ambiri amapirira mvula ndi fumbi. Chimene chimawawononga kawirikawiri ndi kupindika pamene ali m'foni, kupondedwa kapena kutayika. Komabe nthawi zambiri pamene kiyi akuoneka ngati wafa, vuto limakhala pena. Ngati kanyali sikakuyaka konse, wamalonda ayang'ane kaye ngati polowetsa chaja padzaza fumbi, ngati kava ya foni ikuletsa kiyi kulowa mpaka kumapeto, ngati OTG yazima, kapena ngati kachingwe kolumikizira katha. Pa NFC, kiyi agunditsidwe kumtunda kwa msana wa foni, kava itachotsedwa, ndipo asasunthidwe kwa masekondi angapo. Akayesedwa pa foni kapena kompyuta ina n'kukhalabe chete, ndiye kuti wafadi.

Chizindikiro china n'chofunika kusamala nacho kwambiri. Ngati kiyi amagwira bwino kwina, koma tsamba lina likuti walephera n'kupempha nambala m'malo mwake, funso loyamba likhale lakuti tsambalo lafikidwa bwanji. Ngati ndi kudzera pa linki ya mu uthenga, n'kutheka kuti kiyi sanawonongeke, wangokana tsamba labodza. Akuba amadziwa kuti kiyi sangamunyenge, ndiye amakankhira munthu ku nambala za papepala zija, zimene zimabedwa mofanana ndi za pa meseji. Nambala za papepala zilembedwe pa tsamba lokhalo limene mwini wake walemba yekha adiresi yake.

Tiyerekeze tsopano kuti mayi uja ali pa ulendo wokapikula katundu, ndipo kiyi wa m'chikwama wathyoka. Chinthu choyamba ndi kusachita phuma. Foni yake ikadali m'kati mwa Gmail ndi Facebook, ndipo malonda apitirira ngati kale. Asatuluke mu akaunti, asachotse mapulogalamuwo, ndipo asapereke foniyo kwa okonza mafoni kuti aifulashe, chifukwa foni yotsegula kaleyo ndi umboni wake waukulu woti akauntiyo ndi yake. Akafika kunyumba atenge kiyi wapadera, apite pa mndandanda wa makiyi mu Google, afufute "wa m'chikwama", achitenso chimodzimodzi pa Facebook ndi pa akaunti iliyonse yolembedwa m'kope. Kuyambira tsiku limenelo ali ndi kiyi mmodzi yekha, choncho aitanitse wina nthawi yomweyo. Popeza katundu woitanitsa kunja amachedwa, wapaderayo azikhala kunyumba mpaka watsopano atafika n'kulembetsedwa pa maakaunti onse.

Kiyi wotayika kapena wobedwa amafuna changu kuposa wothyoka. Womutola sangadziwe mwini wake poyang'ana kiyiyo, ndipo popanda pasiwedi kapena pini sangalowe naye paliponse. Koma ngati wabedwa pamodzi ndi foni, zinthu zimasintha. Mwini wake alowe pa chipangizo china ndi kiyi wapadera, afufute kiyi wobedwayo, asinthe mapasiwedi, atulutse foni yobedwayo pa `Your devices` mu Google ndi pa `Where you're logged in` mu Facebook, ndipo atseketse simukhadi ku kampani ya mafoni tsiku lomwelo.

Onse awiri akapita

Tsoka silinunkha, ndipo zimachitika kuti makiyi onse awiri apite. Apa pepala lija ndi limene limapulumutsa. Tsamba likafunsa kiyi, munthu amadina `Try another way`, amasankha nambala zosungira, n'kulemba imodzi. Nambala yogwiritsidwa ntchitoyo ikhwatchidwe papepalapo. Akalowa, afufute makiyi akale onse, ndipo podikira atsopano aike pulogalamu yopanga nambala monga Google Authenticator kuti akaunti isakhale ndi chitseko chimodzi. Ngati pepalalo laonedwa ndi anthu ena, apemphe nambala zatsopano, zimene zimapha zakale zonse nthawi yomweyo.

Ngati palibe kiyi, palibe pepala, ndiponso palibe foni yotsegula kale, chotsala ndi kupempha kampaniyo. Google ili ndi fomu pa `g.co/recover`, ndipo imanena kuti kutsimikizira munthu amene alibe njira yachiwiri kukhoza kutenga masiku a ntchito atatu mpaka asanu. Mwayi umakula munthu akadzaza fomuyo pa chipangizo chimene ankagwiritsa ntchito kale, ali pamalo amene amakhala nthawi zonse, ndiponso ngati anaikiratu imelo ina yothandizira. Facebook ikhoza kupempha chithunzi cha chiphaso, ndipo apa wamalonda amene akaunti yake ili ndi dzina la geni kapena dzina lamasewera, losiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, amavutika. Dzina la bizinesi likhale pa tsamba la malonda, koma akaunti yoyendetsera tsambalo ikhale ndi dzina lenileni la mwini wake. Njira zonsezi zilibe lonjezo, ndipo pempho likhoza kukanidwa. Anthu amene amadzitsatsa kuti amabweza maakaunti otsekeka pa malipiro alibe khomo lapadera ku Google kapena ku Facebook, ndipo kuwapatsa pasiwedi ndi chithunzi cha chiphaso ndi kuwonjezera vuto pa vuto.

Ndani ayenera kugula

Wogulitsa tomato kapena usipa amene makasitomala ake amabwera pa benchi n'kulipira pamanja safunika kiyi, ndalamazo ndi bwino zilowe mu mpamba. Kiyi ndi wa amene tsamba kapena imelo yake ndi imene imabweretsa malonda: wolandira ndalama za dipoziti kwa anthu osawaona, wolipira otsatsa malonda pa Facebook ndi khadi ya ku banki, kapena wolandira ma invoisi a katundu wa kunja pa imelo. Masamu ake ndi osavuta. Awerengere ndalama za makasitomala zimene zimadutsa pa tsambalo pa sabata imodzi, aonjezepo zimene angataye tsambalo litatsekeka kwa mwezi, n'kuyerekeza ndi mtengo wa makiyi awiri. Ngati ndalama zake zikukwana kiyi mmodzi yekha, ndi bwino adikire, agwiritse ntchito pulogalamu yopanga nambala ndi pepala la nambala zosungira, mpaka tsiku limene adzathe kuika makiyi awiri patebulo n'kuwalembetsa onse asanadzuke.